Luka 4 ndi Yesaya 61 sakufanana mawu, ndipo tisabise

Abale ndi alongo, tengani Baibulo lanu, muike chala chimodzi pa Luka 4:18-19, china pa Yesaya 61:1-2, ndipo muwerenge mzere ndi mzere. Luka akuti Yesu analowa m'sunagoge ku Nazarete tsiku la Sabata, anapatsidwa buku la mneneri Yesaya, nafunyulula mpaka anapeza pamene panalembedwa mawu amenewa. Koma mukafananitsa mupeza kuti zimene zili mwa Luka si zonse zimene zili mwa Yesaya 61. Luka ali ndi mawu akuti akhungu adzapenyanso, pomwe Yesaya wa m'Mabaibulo athu ambiri akunena za kutsegulidwa kwa ndende kwa omangidwa. Luka ali ndi mzere wonena za kumasula oponderezedwa, umene mu mutu 61 mulibe. Ndipo Luka akuima pakati pa chiganizo, osatchula tsiku lakubwezera la Mulungu wathu.

Wachinyamata akazindikira zimenezi n'kufunsa, ambiri timangomuuza kuti ndi zomwezo, asavutike. Ena, amene amafuna kunyoza Baibulo, amati apa ndiye tawagwira, alembi a Uthenga Wabwino ankapotoza aneneri. Maganizo anga ndi akuti onse awiri akulakwitsa. Kusiyanako kulipodi, ndipo kuli ndi zifukwa zake zimene munthu wamba angazitsatire bwinobwino.

Tiyambe ndi akhungu aja. Yesaya analembedwa m'Chiheberi, koma Luka analemba m'Chigiriki, kulembera anthu ngati Teofilo amene ankawerenga Chigiriki. Pa nthawi imeneyo Malemba a Ayuda anali atamasuliridwa kale m'Chigiriki. Ntchitoyi inayambira mumzinda wa Alekisandiriya ku Iguputo zaka pafupifupi 250 Yesu asanabadwe, kuyambira ndi mabuku asanu a Mose, ndipo mabuku a aneneri anatsatira pambuyo pake. Baibulo la Chigiriki limeneli limatchedwa Seputuajinti, ndipo ndi limene Ayuda okhala kunja kwa dziko lawo komanso mipingo yoyamba ya anthu a mitundu ina ankawerenga. Mukatsegula Yesaya 61:1 m'Seputuajinti mupezamo ndendende zimene Luka analemba: kupenyanso kwa akhungu. Choncho Luka sanapeke mzerewu. Anautenga m'Baibulo limene owerenga ake anali nalo.

Nanga omasulira akalewo akhungu anawatenga kuti? Mawu a Chiheberi pamenepa ndi ovuta. Akunena za "kutseguka" kwa anthu omangidwa, koma mawu a kutseguka amene agwiritsidwa ntchito ndi amene pafupifupi paliponse m'Chipangano Chakale amanena za kutsegula maso. Wina angamve kuti chitseko cha ndende chatseguka, wina angamve kuti maso a munthu amene wakhala mumdima atseguka. Yesaya mwiniwake anaziika pamodzi ziwirizi pa 42:7, pamene mtumiki wa Mulungu akutsegula maso a akhungu ndi kutulutsa am'ndende okhala mumdima. Amene munayamba mwaimapo pambali pa mlaliki n'kumamasulira ulaliki wake mukudziwa kuti pamakhala mawu ena okhala ndi nkhope ziwiri, ndipo mumayenera kusankha imodzi nthawi yomweyo. Omasulira a Chigiriki anasankha maso. Omasulira ambiri a masiku ano, amene Chipangano Chakale amachitenga ku Chiheberi, amasankha ndende. Ndiye m'Baibulo limodzi lomwelo la Chichewa, Yesaya wafika kwa ife kuchokera ku Chiheberi mwachindunji, pomwe Yesaya wa mwa Luka wadzera ku Chigiriki. Njira ziwiri, n'chifukwa chake mawu sakukumana.

Chachiwiri n'chimene chimandisangalatsa kwambiri. Mzere wa kumasula oponderezedwa uli mwa Yesaya ndithu, koma pa 58:6, pamene Mulungu akudzudzula anthu osala kudya kwinaku akuzunza antchito awo. Akuti kusala kumene Iye akufuna ndi kumasula nsinga za zoipa ndi kulola oponderezedwa apite mwaufulu. Mzere umenewu walowetsedwa pakati pa mawu a mutu 61. Mpukutu wa Yesaya sunali kabuku kotsegula ndi chala. Umene unapezeka mu 1947 m'phanga la ku Kumurani, pafupi ndi Nyanja Yakufa, ndi wachikopa wotalika mamita oposa 7. Ndipo palibe mpukutu wa Chiheberi wodziwika umene uli ndi mawu a 58:6 mkati mwa 61:1. Kulumikizaku kunachitika mwadala.

Chimene chikugwirizanitsa ndime ziwirizi m'Chigiriki ndi liwu limodzi, afesisi, kutanthauza kumasula kapena kulekerera munthu apite. Lili pa 61:1 ponena za am'nsinga, lilinso pa 58:6 ponena za oponderezedwa. Aphunzitsi a Chiyuda ankakonda kumanga ndime ziwiri pamodzi ngati zili ndi liwu lofanana, kuti ina iunikire inzake. Liwu lomweli lili pa Levitiko 25:10, pa chaka cha 50 pamene akapolo ankamasulidwa ndipo minda inkabwerera kwa eni ake. Ndi liwu lomwelinso limene Luka amagwiritsa ntchito ponena za kukhululukidwa kwa machimo pa 1:77 ndi pa 24:47. Mukaona zimenezi mumvetsa zimene Luka akuchita. Akufuna kuti wowerenga amve kumasula kawiri m'mawu oyamba amene Yesu akulalikira poyera m'buku lake, kumasula kwa munthu womangidwa ndi machimo ndi kwa munthu womangidwa ndi anzake. Ine ndimaona kuti mlaliki amene amathamangira kunena kuti palibe kusiyana amataya ulaliki weniweni wa ndimeyi, chifukwa mutu 58 ndi umene ukubweretsa nkhani ya antchito, anjala ndi osowa pokhala.

Apa ndinene zimene ena sangakondwere nazo. Sindikhulupirira kuti Luka 4:18-19 ndi mawu onse amene anatuluka pakamwa pa Yesu tsiku limenelo, liwu ndi liwu. M'sunagoge wa ku Galileya n'kutheka kwambiri kuti mpukutuwo unali wa Chiheberi, ndipo anthu pakhomo ankayankhula Chiaramu. Luka akutipatsa mutu wa zimene zinawerengedwa ndi kulalikidwa, m'chiyankhulo cha owerenga ake. Kaya Yesu ndiye analumikiza mitu iwiriyi pofotokoza, kaya Luka ndiye anaiika pamodzi polemba, zonse ziwiri n'zotheka. Alembi a nthawi imeneyo analibe zizindikiro zotsegulira ndi kutsekera mawu a munthu wina monga tili nazo ife. Analibenso manambala a mitu ndi ndime. Mitu inagawidwa cha m'ma 1200, ndipo ndime za Chipangano Chatsopano zinapatsidwa manambala mu 1551. Kuwayeza ndi malamulo a kalembedwe ka kusukulu zathu ndi kuwafunsa zimene sanalonjeze.

Chachitatu ndi poimira. Yesaya akuti chaka cha chisomo cha Yehova ndi tsiku lakubwezera la Mulungu wathu, zonse m'mpweya umodzi. Mwa Luka Yesu akuima pa chaka cha chisomo, akupinda mpukutu, akukhala pansi n'kunena kuti lero lembo ili lakwaniritsidwa. Kenaka akutchula mkazi wamasiye wa ku Zarefati ndi Namani wa ku Siriya, onse akunja amene anathandizidwa ndi Mulungu wa Israele, ndipo anthu akukwiya mpaka kufuna kumuponya kuphedi. Koma musapitirire malire n'kumati Luka anafafaniza chiweruzo. Pa 21:22, ponena za kuwonongedwa kwa Yerusalemu, akutchula masiku akubwezera. Mawuwo sanatayidwe, anangoikidwa pa nthawi ina.

Pali kusiyana kwina kumene gwero lake si Luka koma okopera mabuku. Yesaya ali ndi mzere wonena za kumanga osweka mtima. M'mipukutu yakale kwambiri ya Luka, monga ya m'zaka za m'ma 300, mzerewu mulibe. M'mipukutu yambiri ya pambuyo pake ulimo, ndipo n'chifukwa chake Baibulo la Chingelezi la mu 1611 lili nawo. Akatswiri ambiri amaona kuti okopera amene ankadziwa Yesaya pamtima anaubwezeramo kuti ndime ziwirizi zifanane. Ngati Baibulo lanu lili nawo koma la mnzanu lilibe, palibe amene wabedwa. Omasulira anatsatira mipukutu yosiyana. Zimandikhudza kuti mtima wofuna kusalaza Malemba si wa lero.

Wina angaganize kuti Seputuajinti ndiye yankho la zonse. Ayi. Mateyu 2:15 akutenga Hoseya 11:1, ndinaitana mwana wanga atuluke mu Iguputo, ndipo apa akutsatira Chiheberi, chifukwa Chigiriki chili ndi "ana ake". Pa Mateyu 2:6 zinthu n'zolimba kuposa apa. Mika 5:2 akuti Betelehemu Efurata ndi wamng'ono pakati pa mafuko a Yuda, koma mwa Mateyu akuti Betelehemu sali wamng'ono konse. Zimenezi sizili m'Chiheberi, sizilinso m'Chigiriki. Ndi kutchula mawu n'kumawamasulira tanthauzo nthawi yomweyo: mudzi umene Mika anauona wochepa suli wochepanso popeza wolamulira wabadwiramo. Ndipo mapeto ake, oti adzaweta anthu anga Israele, akuchokera pa 2 Samueli 5:2, mawu amene ananenedwa kwa Davide. Mungagwirizane ndi Mateyu kapena ayi pa kumasulira kwake, koma sankanamiza munthu, chifukwa Ayuda amene ankamuwerenga ankamudziwa Mika.

Sindikunena kuti paliponse pali yankho lokhutiritsa. Mateyu 27:9 akutchula Yeremiya, pomwe mawu a ndalama zasiliva 30 ali pa Zekariya 11:12-13. Ambiri amafotokoza kuti Mateyu anasakaniza Zekariya ndi nkhani za woumba mbiya ndi za kugula munda zimene zili pa Yeremiya 18, 19 ndi 32, n'kutchula mneneri wamkulu, monga Marko 1:2-3 amatchulira Yesaya yekha pa mawu amene chigawo chake chachokera kwa Malaki. Kufotokozaku n'komveka, koma ndi kuyerekeza, ndipo tiyenera kukunena ngati kuyerekeza.

Pempho langa likupita kwa abusa, akulu a mpingo ndi aphunzitsi a Sande sukulu. Musanalalikire ndime imene ikuti "monga kunalembedwa", pitani kumene yachokera, muwerenge mutu wonse. Lembani papepala zimene zawonjezedwa, zimene zasiyidwa ndi zimene zasintha. Zowonjezedwa muzifufuze m'mitu yoyandikana kapena mwa mneneri wina. Zosintha muone ngati Baibulo lanu lili ndi mawu am'munsi otchula Chigiriki. Ndipo mwana wa m'kalasi mwanu akafunsa chifukwa chimene akhungu a Luka sakupezeka mwa Yesaya 61, mutsegulireni 42:7 ndi 58:6, muwerenge naye limodzi.