Rota ya sabata yabwino isakunamizeni

Maganizo anga kwa anzanga ogwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku UK pa kontirakiti ya ziro awazi ija, yopanda maola okhazikika: bajeti muzipangira pa sabata yoipa, osati yabwino.

Tiwerengere limodzi. Pa £12.21 pa ola, malipiro otsikitsitsa a mu Epulo 2025, maola 40 ndi £488.40 asanadule msonkho. Koma agogo awiri amene mumawayendera akangogonekedwa m'chipatala, makamaka nyengo yozizirayi, maulendo awo amachoka pa rota pompo, palibenso wokulipirani, mwatsala ndi maola 20 basi, £244.20. Ndiye ine ndimatenga mapeyisilipu a miyezi itatu nkuyang'ana sabata yotsikitsitsa, imeneyo ndiye malipiro anga enieni. Kuchulukitsa kanayi ndi £976.80. Lendi ya chipinda, tinene £500, basi, foni, chakudya ndi yotumiza kumudzi zonse zikwane mmenemo, zikapanda kukwana ndiye kuti chipindacho chakukulirani kapena mukufunika ejensi yachiwiri, ndipo lamulo limaletsa bwana wa ziro awazi kukukanizani kugwira kwina. Bola muone kaye zomwe viza yanu ikulola.

Akumudzi muziwauza ndalama ya sabata yoipayo. Mukatumiza zambiri mwezi umodzi poti mashifiti anagwa ngati mvula, mwezi wotsatira ayembekezera zomwezo, nkhani ya fetereza yayamba kale, inu rota ili mbee. Zapamwambazo zizipita ku akaunti ina, zidzakulipireni sabata yowuma.

Peyisilipu muziyiwerenga abale. Ngati pali mzere wa ndalama ya holide, 12.07%, imeneyo si bonasi ayi. Pa £488.40 ndi pafupifupi £59, ndipo tsiku lomwe mudzapume simudzalandira kanthu chifukwa anakupatsirani kale. Ambiri timaidya osadziwa.

Tsono zoti mumapezeka liti. Kulemba kuti "nthawi ina iliyonse" ndi kudzipweteka nokha, amakupatsani maulendo a 7 m'mawa, ena masana, ena 9 usiku, tsiku lonse muli pamsewu koma olipidwa ndi maola 6. Bola kuwauza masiku enieni, Lolemba mpaka Lachinayi m'mawa ndi Loweruka lonse, otsalawo mupatse ejensi inayo kapena mugone. Inde ndikudziwa, ukakana kawiri katatu a ku ofesi amayamba kukuiwala, ndiye ine sindikana mwachisawawa, ndimanena sabata isanayambe, ndipo zomwe ndalonjeza ndimafika ngakhale kuzizire bwanji.

Komanso muzilemba m'kabuku nthawi yoyenda kuchoka kwa agogo awa kupita kwa ena. Pa lamulo la malipiro otsikitsitsa imeneyo imawerengedwa ngati ntchito. Gawani malipiro anu ndi maola onse, oyendawo mommo, zikatsika pansi pa malipiro otsikitsitsa a pa ola a chaka chimenecho pitani nako kabukuko kwa amanijala mukafunse.