K3,499 ndi K3,500 basi, koma nkhani yaikulu ili pa mtengo wokhwatchidwa uja

Maganizo anga lero ali pa timapepala ta mitengo timene tadzaza m'mashopu a pa boma pano pa Mangochi. Anthu ambiri amadandaula za 99 wa kumapeto. Zoona, ndi kamsampha. Maso athu amawerenga kuchokera kumanzere, ndiye ukaona K3,499 mutu umagwira 3 woyambayo n'kunena kuti "ndi ya ma 3,000", pomwe m'thumba mukutuluka K3,500 yathunthu. Ndani pano analandirako chenji cha K1? Ndalama zachitsulo zinasowa kalekale, ngakhale K20 yapepala imavuta kuipeza pa kauntala. Koma ine ndimaona kuti 99 ameneyu amatibera zochepa. Chimene chimatikhuthula ndi nambala yoyamba imene amationetsa tisanayambe kuganiza.

Tiyerekeze ndi sopo. Mwalowa kuti mugule mmodzi, ndipo pashelefu akugulitsidwa K1,200. Pafupi ndi khomo amanga atatu pamodzi ndi tepi, pa kapepala alemba K4,500 n'kuikhwatcha ndi cholembera chofiira, pansi pake K3,499. Mtima umati mwapulumutsa K1,000 ndi kakwacha pamwamba. Tsopano werengani nokha. Sopo atatu ogulidwa mmodzimmodzi pa K1,200 akukwana K3,600. Ndiye K4,500 ija yachokera kuti? Palibe amene akanalipira ndalama imeneyo m'shopu yomweyo tsiku lomwelo. Ntchito yake ndi yoti K3,499 ioneke yaing'ono. Chimene mwapulumutsa ndi K101, ndipo mukalipira ndi ndalama yapamanja ndi K100.

Nkhani sithera pomwepo. Tembenuzani sopoyo muone magalamu. Ngati wogulitsidwa payekha ndi wa magalamu 250 ndipo omangidwa aja ndi a 200, ndiye kuti mwagula magalamu 600 pa K3,499, kutanthauza K583 pa magalamu 100 alionse. Wapayekha uja akutuluka K480 pa magalamu 100. Mwagula modula uku mukusekerera. Komanso munabwera ndi cholinga chowononga K1,200, mwatuluka mutasiya K2,300 ina imene inali ya ndiwo ndi makala.

Zoti nambala yoyamba imakokera maganizo si nkhambakamwa. Mu 1974 akatswiri awiri, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anazungulitsa gudumu la manambala pamaso pa anthu, atalikonzeratu kuti liziima pa 10 kapena pa 65. Kenako anawafunsa kuti mwa maiko 100 alionse a m'bungwe la United Nations, ndi angati ali a mu Afirika. Amene anaona 10 mayankho awo anazungulira pa 25, amene anaona 65 anazungulira pa 45. Gudumulo linalibe chochita ndi funsolo, koma linawakokabe. Nanga kuli bwanji nambala yolembedwa pa katundu weniweniyo?

Chimene chimandiseketsa n'chakuti kumsika tonse timaudziwa mchitidwewu. Wa kaunjika akati shati ndi K10,000 timadziwa kuti wangoyambira pamwamba kuti tikagwirizana pa K6,000 tione ngati tamugonjetsa, ndiye timanenerera mpaka thukuta. Mayi wa usipa akatiikira basera timayang'ana kaye ngati mulu sunachepe. Koma tikangolowa m'shopu ya magalasi, mtengo utalembedwa ndi makina, nzeru zonsezo timazisiya pakhomo. Mtengo wolembedwa timaupatsa ulemu ngati sunganame. China chimene chikutisokoneza n'chakuti kuyambira pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yakhala ikusinthasintha moti ambiri sitikumbukiranso mtengo weniweni wa chinthu. Munthu amene alibe mtengo wake m'mutu amangotenga umene wamupatsa mwini shopu.

Sindikunena kuti zomangidwa pamodzi zonse ndi zachinyengo. Ngati magalamu ali ofanana ndipo ndalama ilipo, sopo saola, K100 ndi ndalama ndithu, ndipo amene ali ndi okala kapena mabanja awiri ogawana amapindula. Pamene ndimakana ndi pa zinthu monga yogati ndi buledi. Zimenezi akazimanga ziwiriziwiri, onani kaye tsiku lothera ntchito, chifukwa nthawi zambiri akufuna zichoke zisanawaonongekere m'manja, ndipo kutentha kwa kuno, magetsi akangothima, chachiwiricho chimasasa musanachitsegule.

Pa foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, pali kakyuleta. Bisani nambala yokhwatchidwayo ndi chala, gawani mtengo ndi magalamu kapena malita, muyerekeze ndi chinthu chomwecho chogulitsidwa pachokha, chimene kawirikawiri amachiika kutali ndi khomo. Ndipo ngati pa kauntala akulipiritsani mtengo wosiyana ndi wa pashelefu, sungani lisiti ndi kujambula kapepalako, chifukwa madandaulo otere amalandira a bungwe la Competition and Fair Trading Commission.