Mukamapulinta imelo, maso mumaika kuti?

Lachiwiri lapitali ndinachita manyazi pamsonkhano wa komiti yathu ya zomangamanga kutchalitchi. Wogulitsa malata anatitumizira mitengo pa imelo, ndipo tinatuma mnyamata wa muofesi kuti aipulinte. Anabwera atanyamula mapepala 14! Tsamba lomwe tinkalifuna linali limodzi lokha, koma nalonso linali lodukira kumanja. Pamene panayenera kuoneka K1,250,000 pankangooneka K1,25 basi, ndipo mzere wonse wa ndalama zoyenera kulipira unalibepo. Asungichuma, mayi wachikulire, anatembenuza pepalalo kawiri konse poganiza kuti mwina manambalawo apitirira kuseri. Msonkhano unatha osamanga mfundo, chonsecho anthu ena anali atalipira minibasi kuchokera kutali.

Ana inu, zimenezi zidzatha liti? Kodi kompyuta sikuonetsani kaye chithunzi cha tsambalo musanadine Print? Sikuuzani kuti patuluka mapepala angati? Munthu ukuona nambala 14 pamaso pako, koma chala chili kale pabatani. Mukuthamangira kuti?

Mapepala 13 enawo ndinawawerenga limodzilimodzi. Munali moni wa mwezi watha, "zikomo talandira" maulendo anayi, chizindikiro cha kampani chobwerezedwa pansi pa yankho lililonse, ndi kachenjezo kaja ka Chingerezi komwe palibe amakawerenga. Tsamba lomaliza linali ndi mzere umodzi wokha pamwamba, kwinako mbee! Mnyamatayo anadina kachithunzi ka pulinta ka pamwamba mu Gmail, kaja kolembedwa Print all, komwe kamatulutsa makalata onse amene mwakhala mukuyankhana. Chonsecho pambali pa kalata iliyonse pali timadontho titatu, ndipo mukadina pamenepo nkusankha Print imatuluka kalata yokhayo. Pa Pages naponso mungasankhe Custom nkulemba 1, kapena 1-2, zinazo nkutsala. Ndi ntchito yoti munthu nkutuluka nayo thukuta imeneyi?

Koma chomwe chandiwawa kwambiri ndi kuduka kwa manambala, chifukwa pepala lotayika limaoneka, pomwe nambala yoduka imanamiza anthu mwakachetechete. Pepala la A4 likaima chilili ndi mamilimita 210 m'lifupi. Tebulo la mitengo lija linali ndi mizere yotsika isanu ndi iwiri, ndiye likanakwana bwanji? Chomwe sichinakwane chinangotsala kunja, pulinta osadandaula kanthu. Nditamuimirira kumbuyo mnyamatayo, tinasintha Layout kuchoka pa Portrait kupita pa Landscape, pepala lagona chammbali, m'lifupi mwafika mamilimita 297. Mzere wa ndalama unatulukira, koma manambala awiri omaliza anali akubisalabe. Tinatsegula More settings, pa Scale tinasankha Custom nkulemba 85 m'malo mwa 100. Tebulo lonse linalowa, pa tsamba limodzi. Sizinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe.

Ndiye pali ena akamva zimenezi amatsitsa Scale mpaka 50, zilembo nkukhala ngati nyerere. Mukufuna agogo a mukomiti awerenge ndi chiyani? Tsitsani pang'onopang'ono mukuyang'ana chithunzicho, zikangokwana lekerani pomwepo.

Tili pomwepo ndinaonanso kuti pa Paper size panalembedwa Letter. Ameneyo ndi muyezo wa ku America, mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali, pomwe mapepala omwe timagula kuno ndi A4, 210 ndi 297. Kompyuta ikukonzera pepala lotambalala ndi mamilimita 6 kuposa lomwe lili mu pulinta, ndiye mudabwa chiyani zilembo za m'mphepete zikamadyeka? Ndi m'maofesi angati momwe mawu akuti Letter akhala pamenepo chigulireni kompyuta, popanda woyang'anako?

Musandiuze kuti ndi pepala chabe. Paketi imakhala ndi mapepala 500, ndipo mukamataya 13 pa imelo iliyonse, ma imelo 40 okha paketi yatha. Inki nayo mukudziwa mtengo wake. Ndalama zimenezo ndi chopereka cha amayi ogulitsa tomato pamsika. Nanga mapepala otsalawo amapita kuti? Mawa mukawapeza atakulungira mandasi, manambala a foni ndi a akaunti ya kubanki ya anthu ali poyera. Tsiku lina mudzapatsa wogulitsa mmodzi pepala lokhala ndi mitengo ya mnzake kumunsi kwake, kapena mudzasainitsa abusa nambala yoduka, ndipo mlandu wake simudzautha.

Ngati mukukayika, pa Destination sankhani Save as PDF, mutsegule, muwerenge mpaka kumanja kwenikweni, kenaka mupulinte. Mnyamata uja ndamuuza kuti akadzabweretsanso mulu wotere, paketi yotsatira adzagula ndi ndalama za m'thumba mwake. Nanunso mwamva.