Tikiti ya ndege yogula kwa munthu wa pa WhatsApp: nambala imodzi si yokwanira

M'magulu a pa WhatsApp ndi pa Facebook mumapezeka anthu otsatsa matikiti a ndege, a mabasi opita ku Joni ndi a zochitika za oimba, kawirikawiri pa mtengo wotsikirapo. Si onse amene ali akathyali, koma maganizo anga ndi akuti chithunzi cha tikiti chimene munthu wakutumizirani si umboni wa chilichonse, chifukwa kusintha dzina ndi tsiku pa tikiti yakale ndi ntchito ya mphindi zochepa. Umboni uli m'makompyuta a kampani imene idzakunyamuleni, ndipo ngakhale kumeneko muyenera kudziwa chimene mukuyang'ana. Ndikhazikika pa matikiti a ndege, popeza ndi kumene anthu amataya ndalama zambiri, komanso ndi kumene ngakhale anthu ochenjera amapusitsidwa.

Ulendo wa pa ndege uli ndi nambala ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi ya kubukitsa malo, imene pa pepala imalembedwa kuti PNR kapena Booking Reference, ndipo kawirikawiri imakhala ndi zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi. Yachiwiri ndi nambala ya tikiti yeniyeniyo, imene imakhala ndi manambala 13. Manambala atatu oyambirira amasonyeza kampani imene yatulutsa tikitiyo: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways, pamene 083 ndi South African Airways. Nambala yoyamba ija imangotanthauza kuti dzina lanu lasungiridwa mpando. Yachiwiriyi imatuluka pokhapokha tikiti ikadulidwa, ndipo pa makampani ngati amenewa popanda iyo simungakwere ndege.

Kusiyana kumeneku ndi kumene akathyali amadyerapo. Tiyerekeze kuti mayi wina akufuna kuchoka ku Lilongwe kupita ku London kudzera ku Addis Ababa kukaona mwana wake. Munthu wa pa gulu lina akuwauza kuti ali ndi m'bale wogwira ntchito ku kampani ya ndege, ndipo awapezera tikiti pa theka la mtengo. Mayiwo akutumiza chithunzi cha pasipoti, ndipo pasanathe ola akulandira pepala looneka bwino lokhala ndi dzina lawo, masiku ndi PNR. Wogulitsayo mpaka akuwalimbikitsa kuti, "Mayi, musandikhulupirire ine, lowani nokha pa tsamba la kampani muone." Mayiwo akulowa pa Manage Booking, akulemba nambalayo ndi dzina lawo lomaliza, ndipo ulendo wonse ukuonekadi, mwinanso ndi mawu oti Confirmed. Mtima ukukhala pansi, ndalama zikutumizidwa.

Chimene chachitika ndi chakuti wogulitsayo wangosungitsa malo osalipira. Makampani ambiri a ndege amalola kusunga mpando kwa maola angapo kapena masiku ochepa munthu asanalipire, ndipo nthawiyo ikatha makompyuta amafafaniza okha malowo. Mawu oti Confirmed amanena za mpando, osati za malipiro. Mayi aja akapanda kuyang'ananso, adzazindikira izi ataima pa kauntala pa bwalo la ndege la Kamuzu, masutikesi ali m'manja, achibale owaperekeza ali pakhomo, pamene nambala ya wogulitsa uja yasiya kale kupezeka.

Choncho funso loyenera kufunsa musanalipire ndi lakuti nambala ya tikiti ya manambala 13 ili kuti. Mukaipatsidwa, onani ngati manambala atatu oyambirira akugwirizana ndi kampani imene akuti yatulutsa tikitiyo, kenaka onani ngati nambala yomweyo ikuoneka pa tsamba la kampani pansi pa dzina lanu. Tsambalo mulipeze nokha, osati podina ulalo umene wogulitsa watumiza, chifukwa masamba abodza ofanana ndi enieni alipo. Koposa zonse, imbani foni kapena pitani ku ofesi ya kampaniyo, muwawerengere nambalayo, ndi kuwafunsa ngati tikitiyo idadulidwa, ngati ili m'dzina lanu monga lidalembedwera mu pasipoti, ndiponso ngati zigawo zonse za ulendo zili zotseguka, zimene m'makompyuta mwawo zimaoneka ngati OPEN. Wogulitsa akanena kuti tikiti ituluka mukamaliza kulipira, dziwani kuti ejenti wovomerezeka amatha kunena chimodzimodzi, koma iye ali ndi ofesi imene mungalowemo ndi lisiti la kampani yake. Munthu wosadziwika wa pa foni alibe chimene mungamugwire nacho.

Kufufuza kumeneku kuli ndi malire ake, ndipo sindikufuna kuti wina aganize kuti nambala 13 zija zatseka khomo lililonse. Tikiti imatha kudulidwa ndithu kenaka ndi kufafanizidwa tsiku lomwelo, kapena kubwezedwa pambuyo pake ndalama ndi kubwerera kwa amene adalipira. Palinso matikiti ogulidwa ndi khadi la kubanki lobedwa. Amenewa ndi ovuta kwambiri, chifukwa amaoneka abwinobwino mpaka mwini khadi atadandaula ku banki yake. Apo kampani imaletsa tikitiyo, nthawi zina munthu ali kale kunja akudikira ulendo wobwerera. Chizindikiro chake chimapezeka pa lisiti la tikiti, pamene pamalembedwa mtengo wonse, ofesi imene yadula ndi njira imene yagwiritsidwa ntchito polipira. Ngati lisiti likusonyeza ndalama zochuluka kuposa zimene mwapereka, dzifunseni kuti wina angadzilowetse bwanji m'mavuto olipirira mlendo ndalama zotsalazo. Ngati wogulitsa akukana kukupatsani lisitilo, kapena mbali ya mtengo yadulidwa pa chithunzi, musapitirize. Ndipo ngakhale zonse zitaoneka bwino, yang'ananinso mawa lake, ndiponso patatsala masiku ochepa kuti munyamuke.

Amene akuti akugulitsa tikiti yawo chifukwa ulendo walephereka ndi osavuta kuwayankha: makampani ambiri a ndege salola kuti tikiti ya munthu wina isinthidwe kukhala ya wina, amangokonza zilembo zolakwika m'dzina.

Pa mabasi ndi pa zochitika mfundo ndi yomweyo, kungoti njira ndi yaifupi. Pa basi ya ku Joni, imbani ku ofesi ya kampaniyo pa nambala imene mwaipeza nokha, kapena tumani m'bale wanu ku depoti, akafunse ngati dzina lanu, tsiku ndi nambala ya mpando zili m'kaundula wa apaulendo. Pa matikiti a zochitika okhala ndi chizindikiro cha QR, vuto ndi lakuti tikiti imodzi yeniyeni itha kutumizidwa kwa anthu ambiri, ndipo amene walowa ndi yekhayo amene wayamba kufika pa geti. Okonza mwambo akhoza kukutsimikizirani kuti tikitiyo ndi yawo, koma sangadziwe kuti yatumizidwa kwa anthu angati, choncho gulani m'malo amene iwo eni alengeza.

Pa kalipiridwe, Airtel Money ndi Mpamba zimasonyeza dzina la mwini nambala, ndipo dzinalo likasiyana ndi la munthu amene mukulankhula naye, kapena akakuuzani kuti mutumize ku nambala ya mlongo wake, imani kaye. Ndalama zikangotapidwa kwa ejenti, kuzibweza kumavuta kwambiri. Ngati mwatumiza kale ndipo mwayamba kukayika, imbirani kampani ya foniyo nthawi yomweyo ndi nambala ya malipiro imene ili mu uthenga uja, sungani zokambirana zonse wogulitsayo asanazifufute, ndipo mukanene ku polisi tsiku lomwelo.