Musanamate kamwezi pa uthenga wanu wa malonda wa Ramadhani

Ramadhani ikayandikira, ma WhatsApp Status amadzaza ndi zithunzi za kamwezi ndi kanyenyezi, pansi pake "Ramadan Mubarak", kenako mitengo yomwe ija ya masiku onse. Maganizo anga ndi akuti kamwezi kameneko sikagulitsa kanthu. Chimene chiyenera kusintha ndi nthawi yotumizira uthenga ndiponso zimene uthengawo ukulonjeza.

Ndinaphunzira movutikira. Achemwali anga ali ndi malo odyera pa Mangochi, ndipo mauthenga awo a malonda ndimalemba ndine. Tili ndi uthenga wathu umene umayenda bwino chaka chonse: "Njala yakupweteka? Usavutike, bwera udzadye chambo chootcha." Tsiku lachitatu la swaumu, kusala kudya kwa Asilamu m'mwezi wa Ramadhani, ndinangoonjezera moni wa Ramadhani pamwamba, n'kuutumiza 12 koloko masana, chithunzi cha chambo chikuchucha mafuta. Madzulo ake mayi wina amene amatigula kawirikawiri anawaimbira achemwali. Sanakalipe. Anangoti, "Mayi, ife sitikuvutika ayi, tikupembedza."

Cholakwa changa chinali m'mawu oti "usavutike". Ndinatenga kusala ngati vuto, chambo chathu n'kukhala mankhwala ake. Munthu amene sadya kapena kumwa ngakhale dontho la madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, wachita kusankha yekha chifukwa cha chikhulupiriro chake, ndiye iwe wamalonda ukamumvera chisoni, kapena kumunyengerera masanasana, wamupeputsa. Komanso "bwera udzadye" uja amamveka bwino pocheza ndi anyamata a kabaza, koma ukamuphatikiza ndi moni wachipembedzo amakhala ngati mwana akukodola shehe ndi chala.

Tinalembanso motere: "Kwa inu amene mukusala, tikukufunirani Ramadhani yabwino. Chakudya chofuturu tikukonza tsiku lililonse: tende zitatu, phala la mpunga, samusa, ndi futali wa mbatata kapena mpunga wa nkhuku. Tiuzeni isanakwane 3 koloko, mudzatenge kuyambira 5:15, mukafike kunyumba Magharibi isanakwane."

Palibe mawu okometsera m'menemo, koma akuitana kuposa woyamba uja, chifukwa akuyankha nkhawa yeniyeni ya munthu amene waweruka kuntchito mochedwa: kodi adhana yoitanira ku pemphero la Magharibi ikamamveka dzuwa litalowa, nthawi yofuturu kapena kuti kumasula kusala, ndidzakhala ndili ndi chakudya m'manja? Kunoko dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, koma nthawi yake imasuntha pang'onopang'ono, ndiye tengani kalendala ya nthawi za swala ku mzikiti wapafupi m'malo mongoganizira. Ndipo mukalonjeza 5:15, ikhaledi 5:15. Mwezi wina uliwonse kasitomala akhoza kudikira theka la ola akung'ung'udza, koma amene wafuturu ndi madzi okha ataima pa kauntala yanu sabweranso.

Uthengawo timautumiza kawiri: m'mawa cha m'ma 9 koloko, mawu okhaokha opanda chithunzi, kuti anthu aodetse, ndiye usiku anthu atachoka ku mapemphero a Taraweh, pamene chithunzi cha chakudya sichilakwira munthu. Odya masana sitinawataye, pajatu si onse a pa Mangochi amene ali Asilamu. Uthenga wawo umapita paokha, osatchulamo Ramadhani n'komwe.

Pali chinthu china chimene ndimatsutsana nacho anzanga olemba malonda. Ena amaika vesi la m'Qur'an kapena dzina la Allah m'Chiarabu pa timapepala togawa, ati kuonetsa ulemu. Taganizani komwe kapepala ka malonda kamathera. Kamakulunga mandasi, kamapondedwa pa depoti, mwinanso kumathera kuchimbudzi. Msilamu akaona mawu opatulika ali m'matope, dzina limene alikumbukire ndi la shopu yanu lomwe lili pansi pakepo. Moni wamba ndi wokwanira. Chimodzimodzi mawu oti halaal: ngati simungathe kunena komwe nkhuku yanu inazingidwa ndi amene anaizinga, musawalembe, chifukwa anthu amafunsa.

Za Idi, musasindikize deti. Mwezi wa Ramadhani umakhala wa masiku 29 kapena 30, ndipo zimadziwika pokhapokha mwezi ukaoneka kumwamba. Ife timangolemba kuti "maoda a Idi tikulandira mpaka tsiku la 27 la swaumu". Deti la chaka chatha nalonso musakopere, poti Ramadhani imabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse.

Masiku ano ndisanatumize kalikonse, ndimayamba ndawawerengera mayi aja pa foni. Chaka chino anandichotsetsa mawu oti "phwando" amene ndinalemba ponena za chakudya chofuturu, akuti phwando lidikire Idi.