Fodya wa pansi pa mlomo uja musamuderere

Azakhali anga a ku Bembeke amakalipira mwamuna wawo tsiku ndi tsiku chifukwa cha chingambwe, koma iwo eni kabotolo ka fodya wopera sikachoka pamfundo ya chitenje. Amatsina pang'ono, n'kuika pakati pa mlomo wam'munsi ndi nkhama. Ukawafunsa amati, "Mwanawe, ine sindisuta. Uyu ngwa dzino likamawawa."

Pena akunena zoona poopa fodya wosuta. Ndudu ndiye yoopsa kuposa zonse, chifukwa utsi umadutsa m'kamwa, pakhosi, pakholingo mpaka m'mapapo, ndipo muli mankhwala pafupifupi 70 oyambitsa khansa. Wosuta akamamwanso kachasu, ngozi ya khansa ya m'kamwa ndi pakhosi imakula kwambiri kuposa ya munthu wochita chimodzi chokha.

Koma pa nkhani ya m'kamwa, ine ndikuti azakhali akudzinamiza. Poizoni wina safuna moto, amapangika m'tsamba momwemo fodya akamauma ndi kusungidwa. M'fodya wosasuta anapezamo mankhwala oyambitsa khansa osachepera 28. Utsi umadutsa n'kutuluka, pomwe fodya wotafuna ndi wopera amakhala pamalo amodzimodzi, kunyowa ndi malovu, mwina ola lathunthu, kangapo patsiku, kwa zaka. Phulusa kapena soda amene amasakanizamo uja amachititsa kuti nikotini alowe msanga m'magazi, n'chifukwa chake kusiya kumavuta. Malovu omezedwa aja amatsikira kummero, ndipo khansa ya kummero ndi imodzi mwa zimene zikutipha kwambiri kuno ku Malawi. Wa m'mphuno sakhudza nkhama mwachindunji, koma ndi fodya yemweyo, ndipo zina zimatsetserekera kukhosi.

Mwezi watha ndinawapempha kuti akoke mlomo pansi, ine n'kuunika ndi tochi ya foni. Pamalo penipeni poika fodya panali chigamba choyera, chamakwinya, chachikulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo nkhama inali itatsika, muzu wa dzino uli pamtunda. Ndinapukuta ndi kansalu koyera, osachoka. Zoyera za mafangasi zimachoka ukapukuta, izi ayi. Sichinkawawa, ndipo chimene chinandiopsa n'chomwecho, poti khansa ya m'kamwa poyamba nthawi zambiri sipweteka.

Kuchipatala anatiuza kuti zigamba zoyera zambiri si khansa, ndipo zina zimazimiririka munthu akasiya fodya. Koma chigamba chofiira, chilonda chosapola pakatha masabata awiri kapena atatu, chotupa m'khosi, mawu osasa osabwerera, kapena nsima kukakamira pomeza, zimenezo n'zofunika kupita msanga, mwina akadule kanyama kuti akayeze.

Azakhali anauzidwa kuti asiye ndipo abwererenso akaonedwe. Kusuntha fodya kupita tsaya lina, monga anayamba kuchitira, sikusiya ayi. Loweruka ndikupitanso ku Bembeke ndi tochi yanga.