Akaunti akakutsekera molakwika, apilo salemba ndi mkwiyo

Maganizo anga pa nkhani ya ma apilo a magemu ndi awa: ambiri timaluza osati poti tinalakwadi, koma poti kalata yathuyo mulibe choti munthu wa kukampani angatsimikize. Mumangokhala kulira. Ine sindinaberepo, ndawononga ndalama zambiri pa gemu yanuyi, chonde ndibwezereni, basi. Abale, wobera weniweni amalembanso zomwezo, ndiye wowerengayo akusiyanitsani bwanji?

Mphwanga anamutsekera akaunti pa gemu ina ya pafoni yowomberana, uthenga unangoti wagwiritsa ntchito mapulogalamu osaloledwa. Mwanayu ndimamudziwa, foni yake ndi yofooka moti gemuyo imadukaduka, zobera sangazikwanitse. Kalata yoyamba imene anafuna kutumiza inali yotukwana. Ndinamuuza kuti iwe dikira kaye, tiyambe tafufuza chimene chinachitika tsiku limenelo, chifukwa makina awo sangotseka popanda chimene aona, ngakhale atachimva molakwika.

Titalowa mu imelo yake tinapeza uthenga wochenjeza kuti wina walowa mu akaunti yake ya Google pa foni yachilendo, usiku iye ali mtulo, ndipo masiku angapo m'mbuyomo anali atadina linki ina pa gulu la WhatsApp yonena kuti akugawa makoini aulere, n'kulembamo pasiwedi. Ndiye nkhani inasinthiratu. Kampani sinaname kuti pa akauntiyo panachitika zobera, koma wobera sanali iye.

Kalata tinailemba mwachidule. Poyamba dzina la mu gemu ndi nambala ya wosewera, ija amailemba kuti ID, chifukwa mayina amafanana koma nambala ayi. Kenako tsiku ndi nthawi imene anatsekeredwa, komanso mawu enieni a uthenga wotsekerawo, osawasintha, ndi sikirinishoti yake. Pakati ndi pamene panali mtima wa kalatayo: ndimasewera pa foni yamtundu wakuti, ndili ku Malawi, pa tsiku lakuti wina analowa pa foni ina imene si yanga, umboni ndi uwu, ndinadina linki yachinyengo, pano pasiwedi ndasintha ndipo ndayatsa 2-Step Verification, chitetezo chofuna chitsimikizo chachiwiri kuwonjezera pa pasiwedi. Tinaikaponso risiti ya zimene anagulapo pa Google Play, ija nambala yake imayamba ndi GPA, yosonyeza kuti akauntiyo mwini wake ndi iyeyo. Pomaliza pempho limodzi lokha: munthu aunikenso mbiri ya mafoni amene analowa mu akauntiyo pa tsikulo.

Pempho limeneli ndi limene ndimalikhulupirira kwambiri. Iwo ali ndi mbiri yonse, iwe ulibe. Ukati ndikhulupirireni palibe chimene angachite, koma ukati yang'anani pakuti pa tsiku lakuti wawapatsa ntchito yotheka.

Mphwanga sankafuna kutchula za linki ija, akuti aoneka wopusa. Ine ndinakana. Ukabisa chimene iwo akuchiona kale pa makina awo, kalata yonse imasanduka bodza. N'chimodzimodzi ngati unagula makoini kwa ogulitsa a pa WhatsApp aja, poti kuno kulipira ndi khadi kumavuta ndipo ambiri timathamangira kumeneko. Ena mwa iwo amagula ndi makhadi akuba, mwini khadi akadandaula ku banki ndalama zimabwezedwa, chilango chimagwera akaunti yako. Ngati ndi zimenezo nena, ndipo pereka umboni wa mmene unalipirira.

Koma ndisakunamizeni, kalata yabwino siitsegula khomo lililonse. Kampani ya Valve, mwini wa sitolo ya magemu ya Steam, imanena poyera kuti chiletso cha VAC, chimene makina ake amapereka kwa obera, n'chamuyaya, a Steam Support sachichotsa, ngakhale atakhala munthu wina amene ankagwiritsa ntchito akauntiyo, chimangochoka chokha ngati apeza kuti chinaperekedwa molakwika. Ku Xbox ndi kosiyanako, kuyambira 2023 amawerenga zilango mpaka 8, apo ndiye amakuimitsa chaka chathunthu, ndipo apilo ikapambana chilangocho amachifuta. Ndiye werengani kaye malamulo a kampani yanuyo musanalembe, mudziwe chimene mukupempha.

Chimene chimandiwawa ndi makampani amene amayankha ndi uthenga wokonzeratu osanena n'komwe kuti walakwa chiyani. Ndikumvetsa kuti safuna kuululira obera mmene amawagwirira, koma kutchula tsiku lokha sikungawapweteke, ndipo wosalakwa angapeze poyambira.

Mphwanga akudikirabe yankho. Ndamuletsa kutumiza madandaulo ena ku kampani pa nkhani yomweyo komanso kutsegula akaunti yatsopano, poti makampani ambiri amaziona ngati kuzemba chilango. Wina wamulembera kale kuti amutumizire ndalama ndi pasiwedi amutsegulira lero lomwe, ameneyo tamubuloka.